Mota ikaoneka ngati yachepa liwiro: kuyeza ndi takomita kapena sitirobosikopu moyerekeza ndi fulikwensi ya magetsi

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa eni zigayo, mapampu a madzi ndi makina ocheka matabwa ndi lakuti mota yafooka ndipo sikuthamanganso monga kale. Wokonza amafika, amaloza takomita, chida choyezera liwiro la kuzungulira, pa shafuti, amaona nambala yocheperapo kusiyana ndi imene inadindidwa pa puleti ya mota, ndipo chigamulo chimaperekedwa pomwepo kuti motayo ipite kokawayinda, kutanthauza kukakulunganso mawaya ake. Si zachilendo kuti mota yotere ibwereko ikuonetsa nambala yomwe ija, ndalama zitapita kale. Chimene chimasokoneza n'chakuti nambala ya takomita payokha sinena chilichonse chokhudza umoyo wa mota mpaka itayikidwa pambali pa fulikwensi ya magetsi amene akulowa mu motayo panthawi yomweyo, komanso mpaka chida choyezeracho chitatsimikizidwa kuti sichikunama.

Nambala imene mota ikuthamangitsa

Mamota ambiri a m'zigayo ndi m'mafakitale ndi a mtundu wa indakishoni, ndipo liwiro lawo limachokera pa zinthu ziwiri: fulikwensi ya magetsi, imene ndi maulendo amene magetsi amazungulira pa sekondi ndipo imawerengedwa mu Hz, ndi chiwerengero cha mapolo. Mapolo amenewa si mitengo ya magetsi ya m'mbali mwa msewu ayi, koma ndi mbali za maginito zimene mawaya a m'kati mwa mota amapanga malinga ndi mmene anakulungidwira. Maginito ameneyu amazungulira pa liwiro limene limapezeka motere:

```
Ns = 120 × f / P
```

Pamenepa f ndi fulikwensi, P ndi chiwerengero cha mapolo, ndipo Ns ndi maulendo amene maginito amazungulira pa mphindi imodzi, amene zida zimalemba kuti rpm. Magetsi a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique ndi a 50 Hz, choncho mota ya mapolo awiri ili ndi Ns ya 3000, ya mapolo anayi 1500, ndipo ya mapolo 6 ili ndi 1000. Mota yopangidwira maiko a 60 Hz, monga America, puleti yake ikhoza kunena 1750, koma ikalumikizidwa kuno maginito ake adzazungulira pa 1500 basi, ndipo palibe wowayinda amene angabwezeretse 1750 ija.

Shafuti sifika pa Ns. Imayenera kutsalira pang'ono kumbuyo kwa maginito kuti mota ikhale ndi mphamvu yokoka katundu, ndipo kutsalira kumeneku ndiko akatswiri amati silipi. Mota ya 15 kW imene puleti yake imati 1460 rpm pa 50 Hz ili ndi silipi ya 40 rpm ikasenza katundu wake wonse, imene ndi pafupifupi 2.7 peresenti. Nkhani yonse ya umoyo wa mota ili mu 40 ameneyu, osati mu 1460. Tsono taonani kuchepa kwa malo olakwira: fulikwensi ikangotsika ndi 0.1 Hz, Ns ya mota ya mapolo anayi imatsika ndi 3 rpm, ndipo ikatsika ndi 1 Hz yathunthu, Ns imatsika ndi 30 rpm, zimene zatsala pang'ono kufanana ndi silipi yonse. Munthu amene wangoganizira kuti magetsi ali pa 50 Hz popanda kuyeza akhoza kuona silipi yowirikiza kawiri pa mota imene ilibe vuto lililonse.

Yesani chida musanayese mota

Njira yosafuna ndalama yoyesera takomita ya kuwala, imene imawerenga kunyezimira kwa katepi komatidwa pa shafuti, ndiyo kuiloza pa getsi la chubu lakale lija, lokhala ndi choki yolemera ndi sitata. Getsi lotere limathima ndi kuyaka kawiri pa kuzungulira kulikonse kwa magetsi, kutanthauza maulendo 100 pa sekondi pa 50 Hz, kapena 6000 pa mphindi. Matakomita ambiri a kuwala amawerenga kuphethira kumeneku ngati kuti ndi shafuti, ndipo amaonetsa nambala yoyandikira 6000. Magetsi a chubu a choki yamakono yopepuka, pamodzi ndi ambiri a LED, sathandiza pa ntchitoyi, chifukwa ena saphethira konse ndipo ena amaphethira pa liwiro lina losagwirizana ndi magetsi a m'khoma.

Kuyesa kumeneku kuli ndi malire ake. Takomita ikaonetsa 5976 m'malo mwa 6000, mwina chida chalakwitsa, mwinanso magetsi ali pa 49.8 Hz, popeza 49.8 kuchulukitsa ndi 120 ndi 5976 ndendende. Kuti musiyanitse ziwirizi pafunika mboni yachitatu, imene ndi malitimita, chida choyezera magetsi, yokhala ndi gawo la Hz, yolumikizidwa ku magetsi omwewo pa mphindi yomweyo. Ziwirizi zikagwirizana, kusiyana kwake kukakhala 3 kapena 4 pa 6000, takomita ndi yodalirika. Ku malo okhala ndi chida chotulutsa fulikwensi yotsimikizika, kagetsi ka LED kophethiritsidwa pa 25 Hz kayenera kupereka 1500, ndipo iyi ndiyo njira yabwino koposa chifukwa sidalira magetsi a tsikulo.

Getsi la chubu lija lili ndi phindu lina limene ambiri saliona. Nambala imene takomita imawerenga pa getsi ndi 120 × f, yomwe ndi mbali ya pamwamba ya masamu aja. Mukaigawa ndi chiwerengero cha mapolo mwapeza Ns ya mphindi imeneyo. Popeza chida chimodzi chayeza getsi ndi shafuti yomwe, ngakhale chitakhala kuti chimalakwitsa pang'ono, chalakwitsa mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo silipi imene mungapeze ikhala yoona. Chofunika n'chakuti getsilo likhale pa magetsi omwewo amene akuyendetsa mota.

Takomita ikamapereka nambala yodabwitsa

Nambala yoyandikira 2900 pa mota imene puleti yake imati 1460 pafupifupi nthawi zonse imatanthauza kuti chida chikuona zonyezimira ziwiri pa ulendo umodzi. Kawirikawiri chachiwiricho ndi tepi yakale imene wina anaisiya mbali ina ya pule, gudumu lija loyendapo lamba, kapena m'mphepete mwa mpata wa kiyi mmene chitsulo chinapukutika mpaka kuwala. Zimitsani mota, tsekani swichi yaikulu moti wina asaiyatse, kulungani shafuti ndi tepi yakuda kuzungulira konse, kenaka matani kachidutswa kamodzi ka tepi yonyezimira pamwamba pake. Kachidutswako kakhale kakang'ono poyerekeza ndi mbali yakuda, chifukwa pa shafuti yopyapyala tepi yaitali imachititsa kuti chida chisaone mdima wokwanira pakati pa ulendo ndi ulendo.

Nambala yodumphadumpha imachokera ku dzanja lonjenjemera, dzuwa lowala pa pule, fumbi la ufa limene laphimba tepi kapena galasi la chida, batire lofooka, kapenanso getsi la chubu lomwe lija likakhala kutsogolo kwa chida n'kumaponya 6000 yake pakati pa nambala ya shafuti. Takomita yokhudza, ya kamphira kosongoka kamene amakakanikiza pakati pa shafuti, vuto lake ndi lina: kamphira kakatha kapena kakathiridwa mafuta kamaterereka ndipo nambala imatsika, pamene pa kamota kakang'ono kukanikiza kwenikweniko kumakachedwetsa. Takomita yokhudza ikanena zochepa pamene ya kuwala ikunena zambiri, ine ndimakhulupirira ya kuwala.

Pali lamulo limodzi lothandiza kugwira chida chonama. Mota ya indakishoni imene ikukoka katundu singapose Ns. Mukaona 1540 pa mota ya mapolo anayi, ndiye kuti mwina chida chalakwa, kapena fulikwensi yaposa 50 Hz, monga zimachitikira pa jenereta yopanda katundu.

Sitirobosikopu ndi zithunzi zake zonyenga

Sitirobosikopu ndi getsi lophethira mofulumira pa liwiro limene woyeza amasankha. Kuphethira kukafanana ndi kuzungulira kwa shafuti, diso limaona chizindikiro pamalo amodzi nthawi iliyonse ndipo shafuti imaoneka ngati yaima. Ubwino wake ndi wakuti sifuna kuzimitsa makina kuti mumate tepi, bola pakhale chizindikiro chimodzi chooneka, monga mpata wa kiyi kumapeto kwa shafuti. Kuopsa kwake n'kwakuti shafuti yooneka yoimayo ikuzungulira maulendo 24 pa sekondi, ndipo aliyense amene ali pafupi ayenera kuuzidwa zimenezi getsi lisanayatsidwe, manja a malaya atapindidwa.

Chimene chimagwetsa anthu n'chakuti chithunzi sichiima pa nambala imodzi yokha. Tiyerekeze kuti shafuti ikuzungulira pa 1455. Getsi likamaphethira pa 1455, muona chizindikiro chimodzi chitaima. Likamaphethira pa theka lake, 727.5, shafuti imazungulira kawiri pakati pa kuphethira kumodzi ndi kunzake, ndipo muonanso chizindikiro chimodzi chitaima, chongoziyirira pang'ono. Zimodzimodzi pa 485, limene ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pamwamba pa liwiro lenileni zinthu zimasintha: pa 2910 getsi limagwira shafuti kawiri pa ulendo uliwonse ndipo zizindikiro zimaoneka ziwiri, china uku china uko, pamene pa 4365 zimaoneka zitatu. Choncho liwiro lenileni ndi nambala yaikulu koposa imene ikupereka chizindikiro chimodzi.

N'chifukwa chake kuyeza kumayambira pamwamba kutsika pansi, osati pansi kukwera. Mota yolumikizidwa mwachindunji ku magetsi a 50 Hz singapose 3000, choncho yambirani cha pa 3300 n'kumatsika pang'onopang'ono, mukudutsa malo onse ooneka zizindikiro zingapo, mpaka mufike pa chizindikiro chimodzi choyamba. Zida zambiri zili ndi mabatani olembedwa ×2 ndi ÷2, ndipo anthu amaphunzitsidwa kuti akapeza chizindikiro chimodzi akanikize ×2, zikaoneka ziwiri ndiye kuti anali pa liwiro lenileni. Langizoli limagwira pa 727.5, chifukwa kuwirikiza kumapereka 1455 ndi chizindikiro chimodzi, zimene zimaulula kuti munali pansi. Koma pa 485 limanyenga: kuwirikiza kumapereka 970, pamene shafuti imazungulira ulendo umodzi ndi theka pa kuphethira kulikonse, ndipo zizindikiro zimaonekadi ziwiri. Munthu amachoka atakhutira kuti shafuti ili pa 485. Batani la ×2 ndi lotsimikizira chabe mutatsika kale kuchokera pamwamba.

Msampha wina ndi wa zinthu zofanana mbali zonse, monga mapiko a fani kapena mabawuti a pa cholumikizira mashafuti. Fani ya mapiko 6 pa shafuti ya 1455 imaoneka yoima nthawi iliyonse phiko lina likafika pamalo a linzake, ndipo izi zimachitika pa 1746 komanso cha pa 1247. Nambala ya 1746 ndiyo yoipitsitsa, popeza imafanana ndi ya mota ya 60 Hz ndipo munthu akhoza kuikhulupirira. Mankhwala ake ndi choko kapena penti yoyera pa phiko limodzi lokha, mota itazimitsidwa.

Mukayandikira liwiro lenileni chizindikiro chimayenda pang'onopang'ono. Chikamayenda cholowera kumene shafuti ikuzungulira, getsi likuchedwa ndipo nambala ikwezedwe. Chikamabwerera m'mbuyo, getsi likufulumira ndipo nambala itsitsidwe. Pa chigayo chimene chikugaya chizindikiro sichidzaima kwathunthu, chifukwa katundu amasintha ndi mmene chimanga chikulowera, choncho lembani nambala yapamwamba ndi yapansi pa mphindi imodzi n'kutenga yapakati.

Getsi lodya magetsi omwewo siliona vuto la fulikwensi

Pali njira yakale yoyezera silipi ndi getsi la chubu lokha, popanda chida china. Pansi pa getsi lophethira maulendo 100 pa sekondi, mzere woyera pa pule ya mota ya mapolo anayi umaoneka ngati mizere inayi, ndipo mtanda umenewu umazungulira chobwerera m'mbuyo pa liwiro lofanana ndi silipi. Mukawerenga mizere 60 ikudutsa pamalo amodzi pa mphindi, gawani ndi 4, silipi ndi 15 rpm. Mizereyo imakhala yoziya ndipo pamafunika mdima, koma yankho lake ndi lolondola kwambiri pa mota yopanda katundu wambiri.

Chimene njirayi singakuuzeni ndi liwiro lenileni. Fulikwensi ikatsika, mota imachedwa ndipo getsi nalo limachedwa mofanana, moti chithunzi sichisintha. N'chimodzimodzi ndi timadontho ta m'mphepete mwa mbale ya galamafoni: ngati mota yake imatsatira magetsi a m'khoma ndipo kagetsi kounikira timadonthoto kakudyanso magetsi omwewo, timadontho tidzaima chilili ngakhale nyimbo ikumveka yotsika mawu. Choncho khalani ndi funso lomveka musanasankhe chida. Funso lakuti mota ikutsalira bwanji kumbuyo kwa maginito ake limayankhidwa ndi getsi la magetsi omwewo. Funso lakuti shafuti ikuzungulira kangati pa mphindi limafuna chida chokhala ndi wotchi yakeyake m'kati, monga takomita kapena sitirobosikopu ya batire.

Chitsanzo cha chigayo choyendera jenereta

Titenge chigayo cha mota ya 15 kW, 400 V, 50 Hz, 1460 rpm, chimene chimayendera jenereta ya dizilo magetsi akathima. Wogayitsa akudandaula kuti mgaiwa ukuchedwa kutuluka ndipo mawu a chigayo atsika. Takomita pa pule ya mota, chigayo chikugaya, ikuonetsa 1405. Wowerengera pa 1500 apeza silipi ya 95 rpm, yoposa 6 peresenti, kuwirikiza kawiri ndi kuposerapo ya pa puleti, ndipo ayamba kukamba za kuwayinda.

Tsopano takomita yomweyo ilozedwe pa getsi la chubu la m'chigayomo, chimanga chikulowabe. Ikuonetsa 5784, ndipo malitimita ikuvomereza ndi 48.2 Hz.

```
Ns = 5784 / 4 = 1446
s  = (1446 - 1405) / 1446 = 0.028
```

Silipi ndi 41 rpm, pafupifupi 2.8 peresenti, yofanana ndi ya pa puleti. Mota ilibe mlandu, ikutsatira mokhulupirika magetsi amene ikupatsidwa. Vuto lili pa jenereta, imene iyenera kuzungulira pa 1500 kuti itulutse 50 Hz ngati ili ya mapolo anayi, koma pano yagwera pa 1446. Chotsatira ndi kuyeza fulikwensi chigayo chitazimitsidwa. Gavanala ndi chida chosunga liwiro la injini. Majenereta a gavanala ya sipuling'i amatsika ndi 3 mpaka 5 peresenti akasenzetsedwa katundu, n'chifukwa chake amatcheredwa cha pa 52 Hz ali opanda katundu. Mukapeza 50 Hz yeniyeni popanda katundu, ndiye kuti wina anatchera gavanala pansi kwambiri ndipo kuikweza kuthetsa nkhani. Koma mukapeza 52 Hz popanda katundu n'kugwa mpaka 48.2 pogaya, injini ikulephera kukoka, ndipo muyang'ane fyuluta ya dizilo, fyuluta ya mpweya imene m'chigayo imatsekeka msanga ndi ufa, komanso ngati jeneretayo si yaing'ono pa katundu amene yapatsidwa. Kukweza gavanala pa injini yotere sikuthandiza, kumangochititsa kuti ithamange mopitirira katundu akachoka.

Fulikwensi ili bwino koma silipi yakuladi

Musanaweruze, kumbukirani kuti nambala ya pa puleti nayo ili ndi malo ake osinthira. Muyezo wa mamota wa IEC 60034-1 umalola kuti silipi ya mota ya 1 kW kapena kuposerapo isiyane ndi ya pa puleti mpaka 20 peresenti mbali zonse, choncho mota ya 1460 yopezeka pakati pa 1452 ndi 1468 itasenza katundu wonse ili m'malire. Mota yotentha imatsaliranso pang'ono kuposa yozizira, ndipo ndi bwino kuyeza itagwira ntchito kwakanthawi.

Silipi ikaposa pamenepo, yezani voteji pa mota penipeni, pakati pa mawaya onse atatu, ikugwira ntchito. Mphamvu yokoka imatsika mofulumira kuposa voteji, moti kutsika kuchokera pa 400 V kufika pa 360 V kumakweza silipi ya 40 kufika cha pa 49 pa katundu yemweyo. Waya wautali wopyapyala kuchokera pa thiransifoma amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Voteji ikakhala bwino, yezani maampi ndi mita yopanira pa waya uliwonse. Maampi opitirira a pa puleti mofanana pa mawaya onse amasonyeza katundu wochuluka, monga sefa yotsekeka, chimanga chosauma kapena mabeyaling'i olimba. Waya mmodzi wopanda maampi amatanthauza kuti fyuzi yapsa kapena cholumikizira chamasuka, ndipo mota izimitsidwe nthawi yomweyo isanapse. Pa mota yoyambira pa sitala n'kusinthira ku delita, zimene ndi njira ziwiri zolumikizira mawaya a mota, onetsetsani kuti kusinthako kukuchitikadi, chifukwa yotsalira pa sitala ili ndi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mphamvu zake zokoka. Maampi akamakwera ndi kutsika mosinthana kangapo pa sekondi pamene katundu sakusintha, ganizirani za timipiringidzo ta m'kati mwa rota timene taduka, vuto limene kuwayinda sikulikhudza n'komwe popeza lili mbali yozungulira.

Pa mota yoyendetsedwa ndi invata yosintha liwiro, fulikwensi yowerengera Ns ndi imene invatayo ikutulutsa, osati 50 Hz ya m'khoma, ndipo getsi la chubu lilibe ntchito pamenepa. Malitimita wamba yolumikizidwa kumene invata ikutulutsira magetsi imakonda kuonetsa masauzande a Hz, choncho werengani fulikwensi pa sikirini ya invatayo. Nambala ya rpm ya pa sikirini imeneyo pa mainvata ambiri ndi yongowerengetsera, si yoyezedwa pa shafuti.

Mota ikapezeka yabwino koma makina akuchedwabe, yezani mbali zonse ziwiri za lamba. Pule ya mota ya 300 mm yokoka pule ya 150 mm iyenera kuwirikiza liwiro kawiri, moti 1460 ipereke 2920. Kutaya peresenti imodzi kapena ziwiri pa lamba n'kwachibadwa, koma mukapeza 2790, kutanthauza kutaya koposa 4 peresenti, malamba akuterereka. Mukaimitsa sitirobosikopu pa liwiro la pule ya mota n'kuwirikiza kawiri nambala yake, chizindikiro cha pa pule yaing'ono chidzaoneka chikubwerera m'mbuyo mofulumira nthawi iliyonse chimanga chikathiridwa, ndipo mutazimitsa makina mudzapeza pule yotentha ndi m'mbali mwa lamba mosalala ngati galasi. Malamba otere asinthidwe onse pamodzi, ndipo ngati lamba watsopano akukhudza pansi pa ngalande ya pule m'malo mogwira m'mbali, puleyo nayo yatha.